Ng'ala ya m'maso: mmene imayambira, opaleshoni yake ndi masabata 6 ochira

Kabuku aka ndi ka mabanja a m'boma la Ntcheu amene ali ndi wachikulire yemwe maso ake akuchita chifunga, komanso ka munthu amene adzamuyang'anire akachokera ku opaleshoni. Ng'ala ndiyo ikuchititsa khungu anthu ambiri padziko lonse kuposa matenda ena onse a maso. Kafukufuku amene adachitika m'chigawo cha kumwera kwa Malawi, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2011, adapeza kuti mwa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo amene adali osaona, pafupifupi theka vuto lawo lidali ng'ala. Khungu limeneli limatha ndi opaleshoni ya mphindi zosakwana 30, koma kuti diso lione bwino zimadaliranso chisamaliro cha pakhomo m'masabata 6 otsatira.

Ng'ala imayamba bwanji?

Mukayang'ana diso la mnzanu mumaona kadontho kakuda pakati, kamene timati mwana wa diso. Kadontho kameneka ndi kabowo kolowera kuwala. Kuseri kwa kabowoko kuli kagalasi kachilengedwe koonekera mbali zonse, kotalika pafupifupi mamilimita 9 m'mimba mwake, ndipo kamakhala m'kathumba kake kopyapyala. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chikagwere bwino pa nembanemba ya kumbuyo kwa diso, yomwe imatumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha wa diso.

Kagalasika kamapangidwa ndi madzi ndi mapuloteni osanjana mwadongosolo. Thupi silitaya mapuloteni akale a m'kagalasi monga limatayira khungu lakale. Amene munabadwa nawo mukadali nawo pakati penipeni. Zaka zikamapita amawonongeka n'kuyamba kuundana. Zimene zimachitikazo zikufanana ndi madzi oonekera a dzira amene amasanduka oyera mukaliwiritsa, ndipo sangabwererenso mwakale. N'chifukwa chake palibe mankhwala odontheza, mapilitsi, chakudya kapena zitsamba zimene zingasungunule ng'ala.

Choyambitsa chachikulu ndi ukalamba, koma pali zinthu zimene zimaifulumizitsa: matenda a shuga osasamalidwa, kusuta fodya, kukhala padzuwa lamphamvu zaka zambiri popanda chipewa, ndi kugwiritsa ntchito nthawi yaitali mankhwala a gulu la masiteroyidi monga pulediniso. Kuvulala m'diso ndi kamtengo, mwala kapena nyanga ya ng'ombe kungayambitse ng'ala ngakhale kwa mnyamata, ndipo imabwera ku diso lovulalalo lokha. Ng'ala sipatsirana, ndipo siyambukira kuchoka ku diso lina kupita ku linzake. Maso onse awiri amagwidwa chifukwa onse ndi amsinkhu umodzi, ngakhale kuti lina limatsogola.

Mudzaizindikira bwanji?

Ng'ala ya ukalamba sipweteka, sifiiritsa diso ndipo situlutsa manthongo. Imabwera pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Munthu amadandaula kuti akuona ngati kunja kuli nkhungu ngakhale kwacha bwino. Dzuwa la masana kapena magetsi a galimoto za pamsewu wa M1 amamuthobwa m'maso. Amasiya kusankha nyemba, amalephera kusiyanitsa ndalama za pepala, ndipo alendo amawazindikira ndi mawu. Ena amadabwa kuti ayambanso kulowetsa ulusi mu singano popanda magalasi. Kumeneko si kuchira, koma kagalasi kakuuma, ndipo posakhalitsa kuonako kumathanso. Ng'ala ikakhwima, mwana wa diso amaoneka wotuwa kapena woyera.

Mungathe kuyeza pakhomo. Khazikani wodwalayo panja, dzuwa lili kumbuyo kwake. Aphimbe diso limodzi ndi chikhatho, inu muime pa mtunda wa mamita 6, omwe ndi mapazi akuluakulu 6 kapena 7, n'kumuonetsa zala kuti awerenge. Sinthani chiwerengero cha zala katatu, kenako yezani diso linalo. Diso limene likulephera pa mamita 6 likuona movutika kwambiri. Limene likulephera pa mamita 3 achipatala amaliwerengera kuti ndi losaona. Koma musadikire kufika pamenepo. Kale ankati ng'ala iyambe yapsa ndiye aichotse. Masiku ano nthawi yabwino ndi pamene yayamba kumulepheretsa munthu ntchito zake. Ng'ala yosiyidwa nthawi yaitali imatha kutupa, n'kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuwononga mtsempha.

Si choyera chilichonse cha m'diso chimene chili ng'ala ya kagalasi. Chipsera cha pamwamba pa diso, chobwera ndi chikuku, chilonda kapena mankhwala achikuda, chili kunja ndipo opaleshoni imene tikukambayi sichichotsa. Kanyama komera kuchokera pangodya ya diso ndi vuto linanso. Palinso matenda a gulokoma, amene amapha mtsempha wa diso mwakachetechete mwana wa diso akadali wakuda, ndipo zimene zatayika sizibwerera. Wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala wa maso. Pa mwana wakhanda kapena wamng'ono, mwana wa diso akaoneka woyera pitani naye kuchipatala sabata yomweyo. Ingakhale ng'ala yobadwa nayo, imene ikachedwa kuchotsedwa diso silidzaphunziranso kuona, kapena khansa ya m'diso.

Njira yopezera chithandizo

Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi, kaya ndi Lizulu, Tsangano, Kasinje, Bilira kapena china, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Iwo adzakutumizani kwa oona za maso pa chipatala chachikulu cha boma la Ntcheu. Kumeneko amayeza maso n'kukuuzani kumene opaleshoni ingachitikire ndi tsiku lake. Zipatala zodziwika ndi opaleshoni ya ng'ala ndi monga cha Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Central, ndi cha mishoni cha Nkhoma. Nthawi zina madokotala a maso amayendera zipatala za m'maboma, choncho funsani ngati pali ulendo wotero posachedwa. Funsaninso za malipiro musananyamuke, poti zipatala za boma ndi za mishoni zimasiyana.

Kuti zonse zimveke bwino, tiyerekeze agogo aakazi a zaka 68 a ku Tsangano, amene asiya kupita kumunda wa mbatatesi ndipo amayenda chogwiridwa dzanja ndi mdzukulu. Powayeza, diso lamanja likuwerenga zala pa mita imodzi yokha. Lamanzere likuona chilembo chachikulu chapamwamba pa chikwangwani choyezera maso, zimene amalemba kuti 6/60, kutanthauza kuti agogo akuona pa mamita 6 chimene diso labwino limaona pa mamita 60. Wachipatala akuwalitsa tochi m'diso lamanja: mwana wa diso akuchepa msanga, ndipo agogo akuloza molondola kumene kuwala kukuchokera. Ichi ndi chizindikiro chabwino chakuti mtsempha ndi wamoyo. Diso limene silisiyanitsa n'komwe kuwala ndi mdima silingathandizidwe ndi opaleshoni.

Kenako akuwayeza kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mphamvu ya madzi a m'diso. Shuga kapena magazi zikakwera kwambiri, kapena diso likakhala ndi manthongo, kapena wodwala akutsokomola kwambiri, opaleshoni imaimitsidwa kaye mpaka vutolo litachepa. Musakhumudwe mukabwezedwa pa zifukwa zotere. Pomaliza amayeza kutalika kwa diso ndi kupindika kwa mbali yake yakutsogolo ndi makina, kuti asankhe kagalasi ka mphamvu yoyenera diso limenelo. Amayamba ndi diso limodzi, kawirikawiri loipitsitsa. Tengani bukhu lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala amamwa, ndipo wodwalayo asambe kumutu ndi kumaso tsiku la opaleshoni lisanafike.

Zimene zimachitika m'chipinda cha opaleshoni

Diso silichotsedwa m'malo mwake, ndipo palibe diso la mbuzi kapena la munthu wina limene amaikamo. Kawirikawiri munthu wamkulu samugoneka tulo. Ana ndiwo amagonekedwa. Poyamba namwino amadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso. Kenako amabaya jakisoni wa dzanzi pambali pa diso, osati pa diso penipeni. Jakisoniyu amaluma pang'ono kwa kanthawi, kenako diso limachita dzanzi n'kusiya kuyendayenda. Amatsuka ndi mankhwala a ayodini, amafunditsa nkhope ndi nsalu yoyera yosiya diso lokhalo, ndipo kachitsulo kakang'ono kamagwira zikope kuti zisaphethire. Ntchito ya wodwala ndi kugona chagada osagwedeza mutu. Akafuna kutsokomola, anene kaye.

Dokotala amayang'ana kudzera pa makina okulitsa zinthu. Pa njira yofala kwambiri m'Malawi muno, amacheka kanjira ka mamilimita 6 kapena 7 pa mbali yoyera ya diso, kawirikawiri pamwamba pamene chikope chimaphimba. Kanjirako amakacheka mopendeka, kotero kuti mphamvu ya madzi a m'diso imakatseka yokha, ndipo nthawi zambiri sipafunika kusoka. Amatsegula kathumba kutsogolo, amatulutsa phata lolimba la ng'ala lathunthu, n'kutsuka zotsalira zofewa. Kathumbako amakasiya dala, chifukwa ndimo mmene amalowetsa kagalasi kapulasitiki koonekera, ka mamilimita 6, kokhala ndi timikono tiwiri topindika timene timakagwiriziza. Pomaliza amaika mankhwala opha tizilombo, n'kuphimba disolo ndi thonje ndi kachivundikiro kapulasitiki. Zonsezi zimatenga mphindi 15 mpaka 30.

Zipatala zina zili ndi makina amene amaphwanya ng'ala m'kati mwa diso n'kuiyamwa kudzera pa kabala ka mamilimita osakwana 3. Njira zonse ziwiri zimapereka zotsatira zabwino, ndipo pa ng'ala yokhwima kwambiri njira yoyamba ija ndi yodalirika. Kuika kagalasi m'diso si chinthu chachilendo: dokotala wa ku London, Harold Ridley, ndiye adayamba mu 1949. Kagalasika sikamveka m'diso, sikachita dzimbiri, sikafuna kutsukidwa, ndipo kamakhala moyo wonse.

Tsiku lotsatira

Agogo athu achitidwa opaleshoni Lachiwiri. Usiku umenewo dzanzi likatha amva kuwawa pang'ono, kumene panado amakuthetsa. Lachitatu m'mawa namwino achotsa thonje. Diso ndi lofiira, likutuluka misozi, ndipo agogo akumva ngati muli kamchenga. Zonsezi n'zoyembekezeka. Akuwerenga mizere iwiri ya pa chikwangwani ndipo akumuzindikira mdzukulu wawo, koma akuti kukadali kachifunga. Chifungacho chimabwera chifukwa mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso imatupa pang'ono, makamaka ng'ala ikakhala yolimba, ndipo kutupako kumaphwa m'masiku ochepa. Musachoke musanamve zinthu zitatu: kadonthezedwe ka mankhwala, tsiku lobwerera, ndi kumene mungathamangire zikavuta. Pobwerera kwanu pa minibasi kapena pa kabaza wa njinga yamoto, wodwala avale kachivundikiro kaja kapena magalasi a dzuwa chifukwa cha fumbi.

Kudontheza mankhwala

Mankhwala odontheza amakhala ndi ntchito ziwiri, kupha tizilombo ndi kuchepetsa kutupa. Nthawi zina onse amakhala m'kabotolo kamodzi. Wodontheza asambe m'manja ndi sopo. Wodwala akhale pansi, apendeketse mutu chakumbuyo n'kuyang'ana kumwamba. Kokerani pansi chikope cham'munsi ndi chala, donthezani dontho limodzi m'kamphako kamene kapangika, ndipo mlomo wa kabotolo usakhudze diso, nsidze kapena chala. Atsinzine mphindi imodzi osafinya. Ngati pali mabotolo awiri, dikirani mphindi 5 musanadontheze achiwiri.

Tsatirani ndondomeko imene mwapatsidwa, poti imasiyana malinga ndi diso. Tinene kuti agogo auzidwa kudontheza kanayi patsiku masabata awiri oyamba, katatu sabata yachitatu, kawiri yachinayi, ndi kamodzi yachisanu. Onse pamodzi ndi madontho 98, pamene kabotolo ka mamililita 5 kamakhala ndi madontho pafupifupi 100. Mukamadontheza awiriawiri, kapena kubwereka mnansi amene maso akumuyabwa, mankhwala adzatha ntchito ili pakati. Pemphani kena pa ulendo wobwerera musanathe koyambako. Kanayi patsiku ndiye kuti podzuka, masana, dzuwa litapendeka, ndi pogona. Lembani mizere pa kalendala kapena pa pepala kuti musasokoneze.

Sabata yoyamba

Iyi ndiyo sabata yofunika kusamala kwambiri, chifukwa bala silinagwirane ndipo tizilombo tingalowe. Diso lisatikitidwe ngakhale likuyabwa. Usiku mangani kachivundikiro kuti asadzikande m'tulo, ndipo agonere chagada kapena mbali ya diso losachitidwa. Asambe kuyambira m'khosi kutsika. Kumaso apukute ndi kansalu konyowa, osathira madzi m'diso. Manthongo ouma pa zikope achotsedwe ndi thonje loviika m'madzi owiritsa amene azizira, kupukuta kamodzi kuchokera kumphuno kupita kunja, thonjelo n'kutaya.

Agogo asalowe m'khitchini mofuka utsi wa nkhuni, asasese pabwalo, asapete, asasinje, asasenze ndowa ya madzi kapena mtolo wa nkhuni, ndipo asawerame nthawi yaitali mutu uli pansi. Tidzukulu tating'ono tisawasewerere kumaso. Koma sayenera kugona tsiku lonse. Angathe kuyenda pakhomo, kucheza pakhonde ndi kuyang'ana chilichonse, chifukwa kugwiritsa ntchito diso sikuliwononga. Palibe chakudya choletsedwa: nsima, ndiwo zamasamba, nyemba, nyama ndi mchere wapang'ono adye monga mwa masiku onse. Odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi apitirize mankhwala awo.

Sabata yachiwiri

Kufiira kumayamba kuchepa, misozi imaleka, ndipo maso amaona bwino tsiku ndi tsiku. Ambiri amadabwa kuti zinthu zikuwala kwambiri ndipo zoyera zikuoneka mobiriwira ngati thambo. Chifukwa chake n'chakuti ng'ala inkatchinga kuwala mwachikasu kwa zaka zambiri, ndipo ubongo umazolowera m'masabata ochepa. Chipewa cha mlomo waukulu chimathandiza. Ulendo woyamba wobwerera kuchipatala umakhala m'sabata yoyamba kapena yachiwiri. Musaulumphe ngakhale agogo akuti ali bwino, chifukwa mwa anthu ena mankhwala ochepetsa kutupa amakweza mphamvu ya madzi a m'diso popanda kupweteka kulikonse, ndipo zimenezi zimadziwika ndi kuyeza kokha.

Sabata yachitatu ndi yachinayi

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Diso layera, agogo akuona nkhuku zawo, ndiye mankhwala amaiwalika ndipo khasu limayamba kuitana. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi kumabwezeretsa kutupa: diso limafiiranso n'kumaopa kuwala. Achepetseni pang'onopang'ono monga munauzidwira. Ntchito zopepuka monga kusankha nyemba, kusoka, kupita kutchalitchi kapena ku mzikiti, ndi kuphika pamalo a mphepo zingayambe. Kusamba kumutu n'kotheka diso lili chotsinzina. Kulima, kukumba mbatatesi, kupuntha chimanga kapena mpunga, kuwaza nkhuni ndi kusamba mumtsinje zidikirebe. Ngati n'kotheka, banja ligawane ntchito za kumunda opaleshoni isanachitike, kuti pasakhale chomukakamiza wodwala.

Sabata yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi

Bala tsopano lagwirana ndipo kaonedwe kakhazikika. Pa ulendo womaliza agogo athu akuwerenga mpaka mzere wa 6/12, kumene ndi kuona kokwanira kuyenda okha, kuzindikira anthu patali ndi kugulitsa pamsika wa Lizulu. Ino ndiyo nthawi yoyezetsa magalasi. Oyezetsa msanga amakhala olakwika chifukwa diso linali likusinthabe. Kagalasi kapulasitiki sikasintha mphamvu monga kachilengedwe ka munthu wachinyamata, ndipo kawirikawiri amasankha koonera patali. Choncho kuti awerenge Baibulo kapena kulowetsa ulusi mu singano adzafunika magalasi owerengera. Wachipatala akavomereza, agogo angabwerere kumunda, ndipo ndi pomwe mungapangane za diso lachiwiri.

Si onse amafika pa 6/12. Ngati shuga, gulokoma kapena ukalamba zidawononga kale kumbuyo kwa diso, kuona kumabwerera pang'ono chabe. Nthawi zinanso kathumba kamang'ambika pa opaleshoni, ndipo kuchira kumatenga nthawi yotalikirapo.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo

Lamulo lake n'losavuta: diso lochira limakhala bwinoko lero kuposa dzulo. Likayamba kubwerera m'mbuyo, pali vuto. Pitani msanga mukaona chimodzi mwa izi:

1. Kupweteka kumene kukukulirakulira ndipo sikumva panado.
2. Kuona kumene kunabwerera kwayambanso kuchepa.
3. Kufiira kukuwonjezeka, zikope zatupa, kapena mafinya akutuluka.
4. Mzere woyera kapena wachikasu ukuoneka m'munsi mwa mbali yakuda ya diso.
5. Mutu ukuwawa kwambiri mbali ya disolo, pamodzi ndi nseru kapena kusanza.
6. Akuona kung'anima, timadontho takuda tambiri tobwera mwadzidzidzi, kapena mthunzi wotchinga mbali imodzi.
7. Diso lamenyedwa kapena labayidwa ndi chinthu.

Zinayi zoyambazo zingatanthauze kuti tizilombo talowa m'kati mwa diso. Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo zikachitika nthawi zambiri zimayamba m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, koma zimatha kupha diso m'masiku awiri okha. Musadikire tsiku lolembedwa m'bukhu, ndipo musayese kaye madzi a shuga, mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a masamba kapena mankhwala ogula pagolosale. Ndalama ya ulendo umodzi wadzidzidzi ikhale yosungidwa kuyambira tsiku la opaleshoni.

Kodi ng'ala imabwereranso?

Ng'ala yochotsedwa simeranso, chifukwa kagalasi kamene kadachita ng'alako kulibenso. Chimene chimachitika kwa anthu ena pakapita miyezi kapena zaka n'chakuti kathumba kosiyidwa kaja kamachita mbuu kumbuyo kwa kagalasi katsopano, ndipo chifunga chimayambanso pang'onopang'ono popanda kupweteka. Vutoli amalithetsa ndi kuwala kwa leza m'mphindi zochepa, popanda kucheka, pa zipatala zimene zili ndi makinawo.

Ngati pakhomo panu pali wachikulire amene wasiya kuyenda yekha chifukwa cha maso, muyezeni zala lero pa mamita 6. Akalephera, muperekezeni kuchipatala sabata ino, ndipo musankhiretu munthu mmodzi wa m'banjamo amene adzamudontheze mankhwala ndi kumuperekeza pa maulendo onse obwerera mpaka masabata 6 atakwana.